Zala zisanu ndi chimodzi pa chithunzi chotsatsa mafuta: kodi mawu okana angazichotse?

Funso: Ndimapanga zithunzi zotsatsa malonda ku Lilongwe, ndipo ndimagwiritsa ntchito SDXL, modelo ya Stable Diffusion yojambula zithunzi kuchokera ku mawu amene walemba, mu pulogalamu ya AUTOMATIC1111. Kasitomala wina wogulitsa mafuta ophikira akufuna chithunzi cha mayi wovala chitenje atanyamula botolo, choti chisindikizidwe pa pepala la A3. Nkhope ikutuluka bwino, koma dzanja limabwera ndi zala 6, pena zala zimamira m'botolo, maluwa a chitenje n'kusungunuka ngati kandulo. Mu `Negative prompt`, bokosi la mawu okana zimene sukufuna pa chithunzi, ndaikamo mawu opitirira 60 amene ndinakopera kwa anzanga, koma palibe chikusintha. Ndiwonjezere mawu ati?

Yankho: Achimwene, musawonjezere ngakhale liwu limodzi. Fufutani onse aja, mubwezeremo ochepa okha amene mwawayesa nokha, ndipo dzanjalo mukalikonzere kwina, osati m'bokosi limenelo. Mawu okana ali ndi ntchito yake, ndipo pa ntchito imeneyo ndi akuthwa ngati lumo, koma kuwerenga zala si ntchito yawo. Kuti mundikhulupirire, tiyeni tione kaye zimene zimachitika mukadina `Generate`.

Chithunzi chimayamba ngati timadontho tosokonekera, tonga tija timadzaza pa TV ikataya siteshoni. Pulogalamuyo imachotsa timadonthoto pang'onopang'ono, mwina maulendo 25 kapena 30, malinga ndi nambala imene mwaika pa `Sampling steps`. Pa ulendo uliwonse imalosera kawiri. Koyamba imalosera motsatira mawu a zimene mukufuna, kachiwiri motsatira mawu a zimene mwakana. Ikatero imaona kusiyana kwa malosero awiriwa, n'kukankhira chithunzi kumbali ya choyamba, kuchichotsa kumbali ya chachiwiri. Mphamvu ya kukankhako ndi nambala ija ya `CFG Scale`. Masamu ake ndi awa:

```
zotsatira = zokana + CFG × (zofuna − zokana)
```

Mukaika 7, ndiye kuti zofuna zachulukitsidwa ka 7, zokana zachotsedwa ka 6. Mukaika 1, zokana zimadyana zokhazokha n'kutha, ndipo chilichonse chimene mwalemba m'bokosi lija chimangokhala chokongoletsa sikirini. N'chifukwa chake chinthu choyamba chimene ndimafunsa munthu amene wanena kuti palibe chikusintha ndi dzina la modelo yake. Ngati lili ndi `Turbo`, `Lightning` kapena `LCM`, mamodelo amenewo amayendera `CFG Scale` ya 1 mpaka 2, ndipo mawu okana alibe mphamvu kapena ali nayo yochepa zedi. N'chimodzimodzinso FLUX.1 imene inatuluka mu 2024: mmene anthu ambiri amaiyendetsera, mawu okana sawerengedwa n'komwe. Inu mwati SDXL, ndiye ndikuganiza kuti ndi yanthawi zonse, ya `CFG Scale` yapakati pa 5 ndi 7. Koma taonani kaye dzina la fayiloyo.

Tsono mfundo yaikulu ili apa. Pulogalamuyo ingathe kuthawa chinthu chokhacho chimene ikudziwa kuchijambula. Kuti ithawe `watermark`, iyenera kudziwa maonekedwe ake, ndipo imawadziwa bwino, poti inaphunzira pa zithunzi zambirimbiri zokhala ndi zidindo zoterozo. Kuti ithawe `ring`, iyenera kudziwa mphete, ndipo imaidziwa. Nanga `extra fingers`? Zithunzi zimene inaphunzirapo n'zambiri za anthu a zala zisanu, ndipo wolemba mawu pansi pa chithunzi salemba kuti munthuyu ali ndi zala zingati. Komanso gawo limene limamasulira mawu anu, lotchedwa CLIP, n'lofooka kwambiri pa kuwerenga zinthu. Likaona `extra fingers`, chimene limamva mwamphamvu ndi `fingers`. Ndiye mwaiuza pulogalamu kuti ithawe zala, zabwino ndi zoipa zomwe.

Zotsatira zake mwina mwaziona kale osadziwa gwero lake. Mayi uja amayamba kubisa dzanja kumbuyo. Pena chithunzi chimadula dzanja m'mphepete. Pena likubwera lofumbata ngati chibakera, kapena zala zikumatana kukhala chinthu chimodzi chonga supuni. Kwa wojambula nkhope basi, zimenezi zimaoneka ngati mawu okana agwira ntchito, poti dzanja loipa silikuonekanso. Koma inu malonda anu ali m'dzanjamo. Mukulemba kumtunda, m'bokosi la zimene mukufuna, kuti mayi anyamule botolo, kumunsi n'kulemba kasanu ndi kawiri kuti zala zisaoneke, ndiye mawu anu akukokana okha ngati ng'ombe ziwiri zosagwirizana pa goli. Zala zomira m'botolo zija kawirikawiri zimachokera pa kukokana kumeneku.

Mndandanda umene munakopera ndikuudziwa ngakhale simunauonetse. Umayamba chonchi:

```
worst quality, low quality, bad anatomy, bad hands,
extra fingers, missing fingers, fused fingers, mutated,
deformed, ugly, blurry, dark, wrinkles
```

Mindandanda yotere inafala chakumapeto kwa 2022, Stable Diffusion itangotuluka mu Ogasiti chaka chimenecho, ndipo mawu ngati `worst quality` anachokera kwa anthu ojambula zithunzi za makatuni a ku Japan. Mamodelo awo ena anaphunzitsidwa pa zithunzi zimene zinalembedwadi mawu amenewo, choncho kwa iwo ankagwira ntchito. Pa modelo ya zithunzi zonga zojambulidwa ndi kamera, mawuwo ndi mankhwala a munthu wina. Ndipo pali vuto lina la kuchuluka: CLIP imawerenga tizidutswa ta mawu 75 pa nthawi imodzi, ndipo mukapyola pamenepo AUTOMATIC1111 imadula mawu anu m'magulu. Mukayang'ana pakona ya bokosilo muona nambala yasintha kuchoka pa 75 kufika pa 150. Mawu akachuluka chonchi, liwu limodzi limene likanakuthandizani limamira m'gulu la anzake opanda ntchito.

Atatu omaliza pa mndandandawo ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri pa ntchito ngati yanu. Liwu lakuti `dark` anthu amaliika pofuna kuti chithunzi chisade. Koma pulogalamuyo sisiyanitsa mdima wa m'chipinda ndi khungu lakuda. Ine ndinadzionera ndekha pa chithunzi china cha bambo wogulitsa zitsulo: ndinalemba bwinobwino kuti ndi Mmalawi wakuda, koma ankatuluka woyererako ngati wadzola mafuta oyeretsa khungu, ndipo ndinataya madzulo onse ndikusintha mawu akumtunda, osadziwa kuti wakuba ali m'nyumba momwemo. Nditachotsa liwu limodzilo, khungu linabwerera. Ngati vuto lanu ndi kuchepa kwa kuwala, lembani kumtunda mtundu wa kuwala kumene mukufuna, kapena mukane `underexposed`. Liwu lakuti `wrinkles` limachotsa makwinya a pankhope, inde, koma limafufutanso timizere ta pa mfundo za zala ndi mapindidwe a nsalu, dzanja n'kukhala losalala ngati la chidole cha m'sitolo ya zovala. Ndipo `blurry` imalimbana ndi kumbuyo kozimirira kuja, kumene kumachititsa chithunzi cha malonda kuoneka ngati chajambulidwa ndi kamera yeniyeni.

Musanditengere pakamwa. Yesani nokha, ndipo kuyesa kwake kuli ndi njira. Ikani `Seed`, nambala imene imasankha timadontho toyambira tija, pa 1000 ndi `Batch count` pa 8, kuti mupeze zithunzi za nambala 1000 mpaka 1007. Tulutsani kaye bokosi la zokana lili lopanda kanthu. Kenako, osasintha china chilichonse, bwezeranimo mndandanda wanu wonse, mutulutsenso. Muike zithunzi 16 zimenezi m'mizere iwiri, muwerenge manja abwino pa mzere uliwonse. Chimene chimapusitsa anthu ambiri n'chakuti liwu lililonse limene mwawonjezera m'bokosi lija, ngakhale litakhala `banana`, limasintha chithunzi chonse pang'ono, ngakhale `Seed` ikhale yomweyo. Ndiye munthu amaika `bad hands`, dzanja n'kutuluka bwino kamodzi, iye n'kuthamanga kukauza anzake kuti wapeza mankhwala, chonsecho wangotola nkhwangwa ndi mpini womwe. Chithunzi chimodzi si umboni. Liwu limene likugwiradi ntchito limaoneka pa zithunzi zambiri za mzerewo, ndipo limaoneka mofanana.

Nanga chimalemaza dzanja n'chiyani? Ndi kuchepa kwa malo. Pulogalamuyi sijambula pa mapikiselo amene mumaona pa sikirini. Imajambula pa kachithunzi kochepetsedwa ka 8 m'litali ndi m'lifupi momwe, kenako gawo lina lotchedwa VAE n'kukakulitsa pomaliza. Tiyerekeze kuti mukutulutsa chithunzi cha 832 × 1216, umene ndi umodzi wa miyeso imene SDXL imaidziwa bwino. Mkatimo, ntchito ikuchitikira pa timabokosi 104 × 152. Mayi akaima thupi lonse, kuyambira duku mpaka kuphazi, atenga mapikiselo pafupifupi 1,100. Dzanja la munthu limatalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a msinkhu wake, ndiye ndi mapikiselo 110 m'litali ndi 55 m'lifupi. Gawani 55 ndi 8, mupeza timabokosi 7. M'timabokosi 7 timeneti mukuyenera kulowa zala zinayi ndi mipata yake, chala chilichonse osakwana timabokosi tiwiri. Kuli ngati kupeta dzina la sukulu pa batani la malaya.

Pamalo ochepa chonchi, pulogalamuyo imangodziwa kuti pambali pa chala pamabwera chala china. Ilibe chigoba cha dzanja m'mutu mwake choti iziwerengera, imangotsatira zimene zayandikana, ndiye ikayamba kuyala zala imatha kupitiriza mpaka dzanja lifanane ndi phava la nthochi. Nkhope imapulumuka chifukwa imaoneka mofanana pa zithunzi zambiri: maso awiri, mphuno pakati, pakamwa pansi. Dzanja limasintha maonekedwe nthawi iliyonse likagwira kanthu, ndipo zala zina zimabisika kuseri kwa zinzake. Maluwa a chitenje, ndolo, mano, zipi ndi zolemba za pa botolo zonse zimasungunuka pa chifukwa chomwechi cha malo ochepa. Palibe liwu la m'bokosi la zokana limene lingawonjezere timabokosi.

Tiyeni tsono tichite ntchito ya kasitomala wanuyo kuyambira pachiyambi.

Choyamba, yandikitsani kamera. Wogula mafuta safuna kuona mapazi a mayiyo. Mukajambula kuyambira m'chiuno kupita kumtunda, dzanja limakula kawiri kapena kuposa, ndipo mwapeza timabokosi 14 kapena 16 m'malo mwa 7 musanachite china chilichonse. Chachiwiri, m'malo mongokana dzanja loipa, fotokozani dzanja limene mukufuna. Mawu akumtunda ndiwo amalozera kumene chithunzi chipite, pamene akumunsi amangonena kumene chisapite, ndipo malo amene chingasocherere ndi osawerengeka. Sankhaninso kagwiridwe kosavuta: dzanja limodzi, botolo litagwiridwa pakati, zala zinayi zitazungulira kutsogolo, chala chachikulu chili kuseri. Dzanja linalo likhale pansi, kunja kwa chithunzi. Manja awiri ogwirana kapena opingasa zala ndi amene amavuta kuposa onse, ndipo musawapemphe pokhapokha kasitomala ataumirira.

```
waist-up photo of a smiling Malawian woman, dark skin,
headwrap, chitenje with large bold flowers, right hand
holding a plain plastic bottle at chest height, four fingers
wrapped around it, soft daylight, kitchen background
```

Taonani kuti ndapempha maluwa akuluakulu. Chitenje cha timaluwa ting'onoting'ono tothithikana chimasungunuka nthawi zonse, pamene duwa lalikulu ngati chikhatho lili ndi malo okwanira kuti lijambulike bwino. Mamodelo ena salidziwa liwu lakuti `chitenje`. Mukaona akumuveka zina, yesani `African wax print wrap`. Botolonso ndapempha lopanda zolemba, ndipo chifukwa chake ndichinena kutsogoloku.

M'bokosi la zokana ndingayambe ndi izi zokha:

```
text, watermark, logo, ring, bracelet, long nails,
nail polish, second person, cartoon, 3d render
```

Liwu lililonse apa ndi dzina la chinthu chimene mungachiloze ndi chala, ndipo lililonse lili ndi chifukwa. Atatu oyambawo akuletsa zilembo zabodza pa botolo ndi pakhoma. Mphete, chibangili ndi zikhadabo zazitali ndazikana osati chifukwa n'zoipa, koma chifukwa ndi pamene kusungunuka kumayambira: mphete imasanduka mfundo yachinayi ya chala, chikhadabo chachitali chimasanduka kachala kena. Mukazichotsa, mwapeputsa dzanja, ndipo umu ndi mmene mawu okana amathandiziradi manja, mozungulira, pochotsa zosokoneza. `second person` ikuchepetsa manja a munthu wosaoneka amene nthawi zina amatulukira pa phewa. Awiri omalizawo akuteteza khungu kuti lisaoneke ngati la pulasitiki.

Mukatulutsa zithunzi zisanu ndi zitatu n'kuona chinthu china chikubwerabwera, mwachitsanzo wotchi pamkono, wonjezerani `wristwatch`, liwu limodzi lokha, mutulutsenso nambala zomwe zija. Likapanda kusintha kanthu, lichotseni, musalisiye poganiza kuti silikulakwa. Mukafuna kulilimbitsa, lembani `(wristwatch:1.2)`, koma musapyole 1.4, chifukwa kupitirira apo chithunzi chimayamba kupsa, mitundu kuwala mopweteka maso, m'mphepete mwa zinthu kuuma ngati zodula ndi sizasi. Zizindikiro zomwezi mukaziona musanalimbitse liwu lililonse, tsitsani `CFG Scale`. Anthu ambiri amaikweza mpaka 12 poganiza kuti pulogalamu iwamvera kwambiri, koma kutero kumakulitsanso kukokana kuja.

Za timafayilo tija totchedwa `badhandv4` ndi `EasyNegative`, timene anzanu angakuuzeni kuti muike m'bokosimo, musatayirepo nthawi. Tinapangidwira Stable Diffusion 1.5, makamaka mamodelo a makatuni, ndipo pa SDXL sitigwira.

Tsopano sankhani chithunzi. Apa anthu amalakwitsa posankha chimene chili ndi dzanja labwino ngakhale nkhope ili yozizira. Sankhani cha nkhope yabwino, kaimidwe kabwino ndi kuwala kwabwino, chimene mkono wake wapita koyenera ndipo dzanja lili pamalo ake pa botolo, ngakhale zala zikhale 6. Chala chowonjezera chimakonzeka m'mphindi zochepa. Mkono wothyokera kolakwika, kapena dzanja lamanzere lomera pa mkono wamanja, zimenezo ndiye zotaya.

Chitumizeni ku `img2img`, mutsegule `Inpaint`, chida chojambuliranso malo okhawo amene mwapaka. Pakani dzanja lonse ndi burashi, kuphatikiza kachigawo ka mkono ndi ka botolo pamene zala zakhudza. Musapake chala chowonjezeracho chokha, chifukwa pulogalamu ikaona malo ooneka ngati chala, pakati pa zala, imabwezeramo chala. Pa `Inpaint area` sankhani `Only masked`. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mukasankha zimenezi, pulogalamuyo imadula kachigawo kamene mwapakako ndi malo pang'ono ozungulira, imakakulitsa kufika pa muyeso umene mwaika, tinene 1024 × 1024, imajambula dzanja pa malo onsewo, kenako imakachepetsa n'kukabwezera pamalo pake. Ngati kachigawoko kanali mapikiselo 250 mbali zonse, kakula kanayi, ndipo chala chimene chinali ndi timabokosi titatu tsopano chili ndi 12. Ndi modelo yomweyo, koma mwaipatsa bwalo loti ivinirepo.

`Only masked padding, pixels` imayambira pa 32. Ikwezeni kufika pa 64 kapena 96, kuti pulogalamu ione mkono ndi botolo, idziwe kuti dzanja likuchokera kuti ndiponso lagwira chiyani. Mukaisiya yochepa, mutha kupeza dzanja lokongola koma loloza kolakwika, kapena lakhungu losiyana ndi mkono. `Masked content` ikhale pa `original`. Mawu akumtunda asinthe, afotokoze zimene zili m'kachigawoko basi:

```
close-up of a dark-skinned woman's right hand holding
a plastic bottle, short natural nails
```

Mukasiya mawu akale aja onena za mayi womwetulira ndi duku, musadabwe kupeza kankhope kakang'ono katamera pa chikhatho. Zinandichitikirapo, ndipo mwana wanga ataona pa sikirini anakana kugona yekha usiku umenewo.

Chotsala ndi `Denoising strength`, imene imanena kuchuluka kwa zakale zoti zifufutidwe. Pa 0.3 dzanja limangosalala, zala n'kukhalabe 6. Pa 0.9 limajambulidwa lina lachilendo, losagwirizana ndi mkono. Pakati pa 0.5 ndi 0.65 ndi pamene chiwerengero cha zala chimatha kusintha popanda kagwiridwe kusintha. Tulutsani zinayi kapena zisanu ndi zitatu, musankhe. Koma njira imene ine ndimaikonda, chifukwa siyodalira mwayi, ndi iyi: ndisanapite ku `Inpaint`, ndimatsegula chithunzicho mu GIMP kapena Photoshop, ndimatenga mtundu wa botolo n'kupaka pa chala chowonjezeracho mpaka chitabisika. Sindisamala kuti zaoneka zauve. Kenako ndimalowa nacho mu `Inpaint` pa 0.4, ndipo pulogalamuyo imangosalaza zimene ndapakazo. Chiwerengero cha zala ndachisankha ine, iyo yangomaliza ntchito.

Dzanja likakanika ndithu, muli ndi chida chimene pulogalamu ilibe: dzanja lenileni. Pemphani mlongo wanu kapena mnzanu wa pa ntchito agwire botolo la kasitomalayo mmene mukufunira, mumujambule ndi foni, kuwala kukuchokera mbali yomwe kukuchokera pa chithunzicho. Dulani dzanjalo, mulimate pamalo pake, mufananitse mtundu wa khungu, mupititse `Inpaint` pa 0.3 kapena 0.35 kuti msoko usaoneke. Ngati muli ndi ControlNet, imene inatuluka kumayambiriro kwa 2023, chithunzi cha pa foni chomwecho mungachiike mmenemo n'kusankha `Depth`, kuti zala zitsatire maumbidwe a dzanja lenileni kuyambira pa ulendo woyamba. Onetsetsani kuti fayilo ya ControlNet ndi ya SDXL, osati ya 1.5. Palinso ADetailer, imene imapeza manja yokha ndi `hand_yolov8n.pt` n'kuchita ntchito ya `Inpaint` ija popanda inu kupaka. Ndi yabwino mukamatulutsa zithunzi zambiri, koma imayambira pa 0.4, mphamvu yosalaza osati yochotsa chala, ndipo siidziwa kusiyanitsa dzanja labwino ndi loipa, moti nthawi zina imawononga limene linali bwinobwino. Pa chithunzi chimodzi cholipiridwa, pakani nokha.

Botolo ndinati lituluke lopanda zolemba chifukwa chizindikiro cha kasitomala sichiyenera kudutsa m'pulogalamuyi ngakhale pang'ono. SDXL imalemba zinthu zooneka ngati zilembo koma zosawerengeka, ndipo ngakhale italemba dzina molondola, singajambule chizindikirocho ndendende. Tengani chithunzi chenicheni cha botolo, kapena fayilo ya chizindikiro imene kasitomala ali nayo, muimate pomaliza penipeni, zonse zokulitsa zitatha. Zala zikhale pamwamba pa chizindikirocho, ndipo muike kamthunzi kochepa pansi pa chala chilichonse, apo ayi botolo limaoneka ngati likuyandama kutsogolo kwa dzanja.

Chitenje, ndolo ndi mano zimachira pokulitsa. Pepala la A3 losindikizidwa bwino limafuna mapikiselo 3508 × 4961, ndiye chithunzi chanu chiyenera kukula kanayi ndi kupitirira pang'ono. Musachikulitse kamodzi n'kamodzi. Chikulitseni kaye ka 1.5 mu `img2img`, `Denoising strength` ili pakati pa 0.25 ndi 0.35, kuti pulogalamu ijambulenso maluwa ndi ulusi wa nsalu pa malo okulirapo. Mukapyola 0.5 pa ulendo umenewu, dzanja limene munavutika nalo lija lingamerenso chala, ndiye liyang'aneninso mukamaliza. Duwa limene likadali losungunuka, kapena ndolo imene yamira m'khutu, muzikonze chimodzichimodzi ndi `Only masked` monga munachitira dzanja. Kukulitsa kotsalako chitani mu `Extras`, kumene chithunzi chimangokula popanda kujambulidwanso.

Musanatumize, chionetseni pa muyeso wake weniweni, muwerenge mokweza mukuloza pa sikirini, chifukwa maso amene akhala pa chithunzi maola atatu amaona zimene akufuna kuona. Chala chilichonse chikhale ndi mfundo zake ndi chikhadabo chimodzi, chapakati chikhale chotalika kuposa cha mkombaphala, kachala kakumapeto kakhale kakafupi. Kuti mudziwe ngati chala chachikulu chili mbali yoyenera, kwezani dzanja lanu lamanja, muligwiritse botolo mofanana ndi mayiyo, mufananitse. Kenako tembenuzani chithunzicho kuti kumanja kukhale kumanzere, muchionenso, poti chilema chimene munachizolowera chimatulukira msanga mukatero. Ndipo pemphani wosindikiza akutulutsireni kaye kachigawo ka dzanja ndi botolo pa pepala la A4, pa muyeso womwe kadzakhale pa A3, musanamulole kusindikiza zonse.